Atonde anga awiri a chaka cha ng'amba: wina anandilipira kudikira, wina anandipusitsa

Abale anga a kuno kwa Kalembo, ndi inu muli ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Joni, dzulo madzulo ndinakumana ndi mnyamata wa venda pa msewu wa ku Ulongwe atamanga mbuzi pa kaliyala wa njinga. Mbuziyo ndinaizindikira, ndi ya pamudzi pathu pompano. Nditamufunsa kuti wagula zingati, anangoseka n'kupalasa. Mtengo wake ndinaumva usiku kwa eni ake, ndipo tulo sindinagone bwino. Sinditchula dzina, poti nanenso ndinagulitsapo choncho kangapo konse. Koma ndati ndilembe nkhani ya atonde anga awiri a mu 2024, chifukwa pa awiri amenewa ndi pamene ndinaphunzira kuwerengera mtengo wa mbuzi. Kale ndinkangoyang'ana nkhope ya wogula n'kumaganizira kuti m'thumba mwake muli zingati.

Mukukumbukira mmene chinalili chaka chimenecho. Mvula inadula mu Febuluwale chimanga chikumasula, dzuwa linaphulika milungu yambiri, ndipo mu Malichi boma linalengeza kuti m'maboma 23 muli ngozi ya njala. Balaka ndi Machinga tinali momwemo. Pakhomo panga ufa unatsala wa milungu itatu, anthu odya asanu ndi mmodzi. M'khola munali mbuzi zisanu ndi ziwiri: mathadzi atatu, timisoti tiwiri, tonde wamkulu wofiira wobadwa mu Novembala 2022, ndi katonde kakang'ono kakuda kobadwa mu Ogasiti 2023.

Tsiku lina m'mawa kunabwera venda. Anthu amenewa mu Febuluwale sasowa, amadziwa khomo lililonse limene utsi wayamba kuchedwa kufuka. Anamugwira tonde wofiira uja pamsana, n'kumukweza pang'ono, n'kunena kuti, "Madala, kambuzi aka n'kowonda. Ndikuthandizeni ndi K35,000." Mawu oti ndikuthandizeni amenewo muziwamvetsera bwino. Nthawi imeneyo thumba la chimanga la makilo 50 pa Ulongwe tinkagula K45,000. Ndiye kuti tonde wathunthu, wa chaka ndi miyezi itatu, sakanakwanitsa ngakhale thumba limodzi.

Mayi a kunyumba anali ataima pakhomo la khitchini. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Venda atachoka wopanda mbuzi anandifunsa kuti, "Abambo, kodi ana adya mbuzi ili m'khola?" Ndinalibe yankho labwino tsiku limenelo. Chimene ndinali nacho ndi masamu basi, ndipo masamu sakhutitsa mwana.

Masamuwo ndi awa. Ndili ndi sikelo yolendewera ija timayezera nandolo ndi thonje. Ndimaimangirira pa nthambi ya mango, mbuzi ndimailowetsa m'thumba lobowola malo a miyendo, n'kuikoleka. Koma sikelo musamangoikhulupirira, makamaka ikakhala ya wogula. Ine ndimayamba ndakoleka chigubu cha malita 20 chodzaza madzi. Madziwo ndi makilo 20, chigubu chenichenicho chimawonjezera kilo imodzi kapena kuchepera. Sikelo ikanena 18, dziwani kuti inadyetsedwa. Ndiponso mbuzi muziiyeza m'mawa isanadye. Yoyezedwa madzulo itakhuta msipu ndi madzi imanyenga ndi makilo awiri kapena atatu, ndipo abutchala zimenezi amazidziwa kuposa inu, ndiye musaganize kuti muwapusitsa poimwetsa madzi a mchere.

Tonde wofiira mu Febuluwale analemera makilo 22. Tsono funso n'lakuti: abutchala akamupha, apezamo zingati? Mbuzi yathu yachikuda ikasendedwa, kuchotsa mutu, miyendo, chikopa ndi zam'mimba, nyama ya mafupa imene imakolekedwa pa mbedza sifika theka la kulemera kwake ili yamoyo. Yonenepa imayandikira theka, yowonda imatsika ndithu. Pa makilo 22 muyembekezere makilo 10 a nyama. Kilo ya nyama ya mbuzi nthawi imeneyo inali K5,000, ndiye K50,000. Mutu, miyendo, chiwindi, mapapo ndi nthumbwana, amagulitsa padera, mwina K8,000. Pamenepo achotsepo chiphaso cha msika, ya oyeza nyama, ya mnyamata wosenda, ya kabaza, ndi phindu lake, poti nayenso ali ndi ana. Chotsala ndi chimene angandipatse ine osaluza.

Kuti ndisamavutike ndi zonsezi nthawi iliyonse, ndinapeza njira yachidule. Funsani mtengo wa kilo ya nyama pa butchala lero. Ugaweni pasanu, mutenge pawiri. Umenewo ndiye mtengo wa kilo ya mbuzi yamoyo. K5,000 kugawa pasanu ndi K1,000, pawiri ndi K2,000. Kuchulukitsa ndi makilo 22, K44,000. Si lamulo la boma ayi, ndi masamu anga a Sitandade 7, ndipo amaphonya pang'ono uku kapena uku, koma amandiuza pamene pali pansi. Venda uja pondipatsa K35,000 ankafuna kudya K9,000 pongoyendetsa mbuzi kuchoka pakhomo panga kukafika pa Ulongwe, ulendo woti ine ndemwe ndingayende ndi chingwe m'manja.

Sindikunyoza mavenda. Pali tsiku limene mwana wadwala usiku, ndipo munthu amene wafika pakhomo ndi ndalama m'manja ndiye m'bale wako. Koma uzidziwa kuti wamupatsa zingati pa changu chakecho.

Nanga tinadya chiyani? Apa ndi pamene anthu ambiri timalakwitsa. Njala ikafika timagulitsa mbuzi imene wogula waloza, m'malo mogulitsa imene khola latopa nayo. Ine ndinali ndi thadzi lokalamba, mano akutsogolo atayamba kutalikirana ndi kuperepeseka, limene linali litataya ana kawiri motsatizana. Mbuzi yotere siikulanso, siinenepanso, mwezi uliwonse mtengo wake ukutsika. Tonde wa miyezi 15 akukwera, thadzi lokalamba likutsetsereka. Ndinalikoka ndekha mpaka pa Ulongwe, ndili ndi kalata ya kwa amfumu m'thumba kuti wina asati ndaba, n'kukaligulitsa kwa wa kanyenya K38,000. Wa kanyenya safunsa zaka. Nyama yake amaidula tizidutswa, moto ndi tsabola zimabisa ukalamba. Ndinawonjeza atambala atatu pa K6,000 aliyense, zonse pamodzi K56,000. Thumba limodzi linalowa m'nyumba, yotsala inapita ku chigayo, mchere ndi mankhwala a njoka za m'mimba a tonde uja. Kwinako tinakankha ndi ganyu ndi maungu.

Chimene ndinkadikira ndi Idi ya nsembe, imene abale athu achisilamu amapha mbuzi pokumbukira nsembe ya Ibrahimu, ena amati Kurubani. Inu a ku tauni mwina simudziwa kuti kuno kwathu, kuyambira Ulongwe, Liwonde, Nsanama, Ntaja mpaka ku Mangochi, imeneyi ndiye nyengo ya mbuzi yoposa Khirisimasi. Chaka chimenecho inagwa pakati pa Juni. Kuchokera Febuluwale inali miyezi inayi.

Wogula wa Idi ndi wosiyana ndi abutchala. Abutchala amagula makilo. Wa Idi amagula mbuzi yoyenera kukhala nsembe, ndipo sangasinthe n'kugula nkhuku kapena kudikira sabata ya mawa. Mbuziyo iyenera kukwana chaka, isakhale yakhungu kapena ya diso limodzi, isakhale yotsimphina, yodwala kapena yowondetsetsa. Ya khutu lodulidwa ambiri amaikana. Pamenepa ndikudandaulireni anzanga amene mumadula makutu a tiana ta mbuzi kuti muzizindikira zanu: mpeni umenewo umadula ndalama zanu zomwe. Ine ndinasiya, ndimangomanga kansalu m'khosi.

Msinkhu wa mbuzi uli m'kamwa. Mbuzi ilibe mano akutsogolo kumwamba, ili ndi asanu ndi atatu kumunsi. Ikakhala mwana onsewo ndi ang'onoang'ono, oyera, ofanana ngati njere za mpunga. Ikapitirira chaka, awiri apakati amaguluka n'kumera awiri akuluakulu otambalala, oti ngakhale mwana wa sukulu aona kusiyana kwake. Ikamayandikira zaka ziwiri amakhala anayi, kenako asanu ndi limodzi, ndipo pofika zaka zinayi onse asanu ndi atatu ndi akuluakulu. Kupitirira apo amayamba kutha ngati a thadzi langa lija. Nyama yokoma, yochuluka koma yosalimba, ili pa mano awiri mpaka anayi. Tonde akafika mano asanu ndi limodzi osafulidwa, fungo lake limalowa mu nyama, ndipo mukungomudyetsa ulere pokhapokha ngati ndi wa mbewu.

Kudikira si kungokhala manja lende. Mu nyengo ya mvula mbuzi zathu zimakhala pa chingwe kuopa minda ya anthu, zimadya malo amodzi, njoka za m'mimba zimachuluka, n'chifukwa chake mu Febuluwale zimaoneka ngati zobwereka. Ndinamumwetsa tonde mankhwala a njoka monga anandiuzira alangizi a ziweto. Mukafuna kudziwa ngati njoka zamudya magazi, kokani chikope cham'munsi: mkati mukakhala mofiirira ali bwino, mukayera ngati pepala zinthu zaipa. Ndinkamusintha malo omangirira kawiri patsiku, madzulo n'kumubweretsera masamba a lukina ndi kholowa. Madeya ndinayamba kumupatsa mu Epulo, kachitini kamodzi patsiku ndi kamchere. Mu Febuluwale ndi Malichi sindikanatha, poti chaka chimenecho madeya ankadya anthu, ndipo kupatsa mbuzi ana akuona ukanakhala mlandu. Zonse pamodzi, mankhwala ndi madeya, ndinawononga ngati K8,000.

Ndiponso pali mtengo wina wosalembedwa. Miyezi inayi imeneyo galu akauwa usiku ndinkadzuka. Idi ikamayandikira akuba nawonso amadziwa kalendala. Sabata ziwiri zomaliza tonde ankagona m'khitchini, ndipo mayi a kunyumba tsiku lililonse m'mawa posesa ankandikumbutsa kuti anakwatiwa ndi munthu, osati ndi mbuzi.

Pofika Juni sikelo inanena makilo 28. Koma kuposa sikelo, dzanja linkandiuza. Mukagwira pamsana, kuseri kwa nthiti pamene pali chiuno, mbuzi yowonda mafupa ake amabaya chikhatho ngati mano a sowo. Yonenepa mumamva mafupawo patali, pansi pa mnofu. Gwiraninso pachifuwa pakati pa miyendo yakutsogolo: pakakhala kamtsamiro kosuntha, ndiye kuti yafika. Nyama pa butchala inali itakwera kufika K6,000. Masamu aja: pasanu ndi K1,200, pawiri ndi K2,400, kuchulukitsa ndi 28, K67,000 ndi kakusefukira. Ndiye ndinadziwa kuti kutsika pa K65,000 sindingalole, poti imeneyo abutchala andipatsa tsiku lililonse ngakhale Idi itapita.

Kutatsala masiku anayi kunabwera bambo wina pa njinga yamoto, wogwira ntchito ku Liwonde, ali ndi amalume ake achikulire ovala mkanjo. Wamkuluyo sanafunse mtengo. Anayamba watsegula kukamwa, n'kuona mano awiri aja. Anayang'ana maso onse awiri, anagwira makutu, anayang'ana ziboda, kenako anandiuza kuti ndimuyendetse tonde kuzungulira bwalo. Atakhutira anangogwedeza mutu kwa mphwawo. Kugwedeza kumeneko ndinakuona, ndipo iwo anadziwa kuti ndakuona.

"Bambo, mutipatsa zingati?"

"K95,000, achimwene."

"Aaa, bambo, imeneyo ndi ya ng'ombe. K65,000."

"K65,000 andipatsa kale abutchala, amene sayang'ana maso kapena makutu. Inu mwayang'ana zonse ndipo mwazipeza."

Anaseka. Tinakhala pa mkeka, kunabwera madzi akumwa, tinakamba za mvula, za ng'ona za mu Shire, za mtengo wa mafuta. Anafika pa K75,000, ine ndinatsika pa K90,000. Anaimirira ngati akupita, mpaka analiza njinga. Mtima wanga unagunda, sindinama, koma sindinawaitane, chifukwa ndinali ndi masiku anayi ndi pansi podziwika. Wamkulu uja ndi amene sanakwere. Anati, "Mwana wanga, tiyenda makomo angati kuti tipeze yotere?" Tinagwirana chanza pa K85,000.

Wina angafunse kuti bwanji sindinaumirire pa 95. Chifukwa mtengo wa Idi uli ngati madzi a m'khwawa, umadzaza msanga n'kuphwa msanga. Sabata yomaliza aliyense amatulutsa mbuzi zake, za ku Nayuchi ndi za kutsidya kwa Mozambique nazo zimafika, ndipo masiku opha akangotha mtengo umabwerera kwa abutchala, mwinanso kutsikirapo, poti anthu akhuta nyama yogawiridwa ndipo pa butchala palibe mzere. Ndikanakana K85,000 pofuna K10,000 yowonjezera, ndikanaika pa ngozi K20,000 imene inali kale m'manja. Chimanga mu Juni chinali pa K38,000. Tonde amene mu Febuluwale analephera thumba limodzi anabweretsa matumba awiri, ndipo yotsala inabweza ya madeya ndi mankhwala ija. Tsiku limenelo mayi a kunyumba anaphika tiyi wa mkaka osandiuza chifukwa chake.

Tsopano za katonde kakuda, kamene kanandichititsa manyazi. Anthu omwewo asanachoke ndinakatulutsa, ndinati mwina achibale awo akufunanso. Kanali konenepa bwino, makilo 17, kowala ubweya. Wamkulu uja anatsegula kukamwa, mano onse ampunga. Ine ndinayamba zoti kakula msanga, chaka katsala pang'ono kukwana. Anandiyang'ana n'kunena mofatsa kuti, "Bambo, ine mungandinamize, koma amene tikumupatsa nsembeyo amadziwa tsiku limene kanabadwa." Ndinakabweza m'khola makutu akutentha.

Sabata yomweyo abutchala anandipatsa K40,000 pa kameneka, mtengo wolondola malinga ndi masamu anga omwe. Ndinakana. Ndinali nditaledzera ndi K85,000 ija, ndinkadziona ngati katswiri. Ndinati ndidikira Khirisimasi. Chimene sindinawerengere n'chakuti miyezi ya kutsogoloko si yofanana ndi imene ndinadutsa. Kuyambira Malichi mpaka Juni msipu ulipo, mbuzi zikamasulidwa anthu atakolola zimadya mapesi ndi zotsala za mtedza, zimanenepa. Koma kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, kuno ku Balaka mukudziwa, tchire lapsa, mbuzi zimangodya makoko a msangu ndi mapepala a pamsika. Miyezi isanu ndi umodzi kanangowonjeza makilo anayi. Mu Okutobala kanalowa m'dimba la mnansi n'kudya mpiru, ndinalipira K5,000 kwa amfumu. Pa Khirisimasi ndinakagulitsa K68,000, ndipo pobwerera ndinkadzitamanda kuti 68 iposa 40. Nditafika pogula chimanga ndinapeza thumba lili pa K65,000. Mu Juni K40,000 ikanagula thumba limodzi n'kutsala K2,000. Mu Disembala K68,000 inagula thumba limodzi n'kutsala K3,000. Ndinaweta miyezi isanu ndi umodzi, ndinalipira mlandu wa mpiru, kuti ndipeze thumba lomwe lija.

Chichokereni pamene kwacha inagwetsedwa mu Novembala 2023, nambala ya ndalama imanama. Ine tsopano mbuzi ndimaiwerengera m'matumba a chimanga, kapena a feteleza ngati ndi amene ndikufuna. Ndisanakane mtengo ndimadzifunsa: kodi ndikudikira munthu wodziwika amene adzabwera pa tsiku lodziwika, kapena ndikungodikira kuti zinthu zidzakwera? Ndipo pa miyezi imeneyo, chikukula msanga n'chiyani, mbuzi kapena mtengo wa chimanga? Kwa tonde wofiira mayankho onse anali kumbali yanga. Kwa katonde kakuda panalibe ngakhale limodzi. Chanzeru chikanakhala kukagulitsa mu Juni n'kusunga chimanga, apo ayi kukasunga mpaka Idi ya 2025 katamera mano awiri, koma chaka cha njala chimenecho mphamvu yodikira chaka chathunthu ndinalibe.

Pali wogula wina amene ndimamukonda, woweta mnzathu wofuna msoti wa mbewu. Ameneyu sikelo alibe nayo ntchito. Amafunsa kuti make amabereka angati, amayang'ana bere ngati mawere onse awiri ali bwino. Msoti wa make wobereka mapasa, makamaka ukakhala ndi bere la mwana, musautchule mtengo wa nyama, chifukwa mukugulitsa mbuzi ziwiri kapena zitatu pa chingwe chimodzi. Koma wa maliro ndi wina. Mnansi akabwera usiku kuti kwagwa zovuta, ine ndimatchula mtengo wa abutchala osawonjezera tambala, ngakhale ndikudziwa kuti sangakane. Ena amati ndi kupusa. Ine ndimati mudzi ndi womwewu, ndipo nanenso tsiku lina ndidzagogoda.

Za nkhuku ndinene pang'ono, poti kumeneko kudikira kuli ndi mdani wake. Nkhuku yachikuda sitiyeza pa sikelo, timainyamula m'manja n'kugwira pachidale. Fupa la pachifuwa likatuluka ngati mpeni, ndi nthenga zokha zimenezo. Tambala wa miyezi isanu ndi iwiri kapena isanu ndi itatu, kachala kakuthwa ka kuseri kwa mwendo kakadali kachitsa, ndiye wafika pa mtengo wake. Kachalako kakatalika n'kupindika, ogula a malesitilanti a pa Liwonde amadandaula kuti atha makala. Ogula bwino ndi a magalimoto odutsa pa msewu wa ku Mangochi, amene amafuna ya kumudzi chifukwa atopa ndi zoyera za m'mashopu, ndi a zinamwali mu Ogasiti ndi Seputembala ana akamatuluka ku jando ndi ku nsondo. Nthawi imeneyonso anthu ali ndi ndalama za nandolo.

Chaka china ndinali ndi nkhuku 14 zazikulu. Mu Seputembala venda wa dengu pa njinga anafuna kutenga khumi pa mtengo wabwino ndithu. Ndinati ayi, Khirisimasi. Sindinali nditazipatsa katemera wa chitopa, uja amadontheza m'diso katatu pachaka, amene mtengo wake pa nkhuku imodzi sufika ngakhale pa dzira limodzi. Mu Okutobala kutatentha, ndinatenga atambala awiri kupita nawo ku msika, mtengo sunandisangalatse, ndinabwera nawo n'kuwaponya m'khola. Pasanathe sabata nkhuku zinayamba kuodzera, mapiko kugwa ngati zavala jekete, zitosi zobiriwira, zina khosi kupindika. Zinatsala ziwiri. Kuyambira pamenepo nkhuku imene yapita ku msika sibwereranso m'khola langa. Ngati mtengo wavuta ndimatsitsa kapena timadya ndiwo. Ndipo ngati sindinatemere, pofika Ogasiti ndimagulitsa zazikulu zonse n'kusiya mathadzi ochepa. Mbuzi ikhoza kukudikirira miyezi inayi, nkhuku yosatemera mu nyengo yotentha siilonjeza ngakhale Lachisanu.

Inu abale a ku tauni ndisakusiyeni. Mukaimba foni kuti, "Amalume, mutisungire mbuzi ya Khirisimasi, ndalama titumiza," dziwani kuti mwandiuza kuti ndikane ogula onse kuyambira lero, ndidyetse, ndilondere, ndipo ikafa yafera ine. Ndiye Disembala ikafika mumabwera ndi mtengo wa mu Julayi, ena ndi buledi awiri ndi shuga basi. Sindikukwiya ayi, buledi timadya. Koma chaka chino amene akufuna kusungiridwa atumize theka pa foni tsiku lomwelo, ndipo theka linalo tidzawerengera pa mtengo wa kilo ya nyama wa tsiku lotenga. Mphwanga wina wa ku Ndirande wavomera kale, ngakhale anayamba wafunsa ngati foni yanga yabedwa.

Panopa m'khola muli atonde awiri, ana a timisoti tija. Idi imabwerera m'mbuyo masiku ngati 11 chaka chilichonse: mu 2024 inali pakati pa Juni, mu 2025 kumayambiriro kwa Juni, mu 2026 kumapeto kwa Meyi. Ikamasunthira ku Meyi ndi Epulo izipeza mbuzi zathu zikadali pa chingwe, zisanadye mapesi, ndiye amene akufuna mtengo umenewu ayambe kudyetsa mvula ikadali mkati. Ine madeya ndayamba kale kusunga m'chigubu chotseka kuopa anankafumbwe. Lero m'mawa ndinawatsegula kukamwa onse awiri. Wamkulu dzino limodzi lapakati layamba kugwedera. Wamng'onoyo mano onse akadali ampunga, ndipo mayi a kunyumba anena kale kuti ameneyo wogulitsa ndi iwo.